Msonkhano wadzidzidzi: masiku ochepa, nkhani imodzi basi

"Ndine mlembi wa kopaletivu ya alimi a mkaka kuno ku Thyolo, tilipo 120. Kompuresa ya thanki yoziziritsira mkaka yapsa, ndipo yatsopano ndi K3,800,000, pomwe bodi yathu imaloledwa kugwiritsa ntchito K1,000,000 yokha popanda kufunsa mamembala. Malamulo athu amati chidziwitso chizipita kudakali masiku 14. Wapampando akufuna tikumane sabata yomwe ino, komanso akuti tiikepo nkhani yochotsa msungichuma poti anthu adzakhala asonkhana kale. Kalatayi ndiilembe bwanji?"

Alembi, ndiyambe ndi ya msungichumayo, chifukwa ndi imene ingakugwetsereni msonkhano wonse. Musaiikepo. Masiku 14 aja sanalembedwe kuti avutitse bodi. Alipo kuti membala wa kutali amve uthenga, apeze womudyetsera ng'ombe tsikulo, afunse mnzake za nkhaniyo, ndipo ngati ikumukhudza akonze poyankha. Mukadula masikuwo mwamulanda zonsezi, ndiye chimene mungamubwezere n'chimodzi: kumutsimikizira kuti zokambidwa ndi zokhazo zimene sizingadikire. Mkaka sudikira, wa m'mawa ukakhala pakutentha umafika madzulo utasasa. Koma msungichuma adzakhala alipobe pakatha masabata awiri. Kumuchotsa pa msonkhano umene anthu ambiri sanathe kufikapo, iye mwini atangomva dzana, ndi kumupatsa chifukwa chabwino chokadandaulira kwa mkulu wolembetsa makopaletivu ku Unduna wa Zamalonda. Akakadandaula sadzatsutsa kuchotsedwa kwake kokha, adzati msonkhano wonsewo unali wosaloleka, ndipo chigamulo cha kompuresa chidzalowa nawo m'mavutowo.

Chizolowezi chomati "poti tasonkhana kale" chawononga magulu ambiri, a mpingo ndi a banki m'khonde omwe. Nthawi zina wonenayo amangofuna kupulumutsa ndalama za thiransipoti, sindikukana. Koma mamembala sayang'ana zimenezo. Amaona kuti anaitanidwira thanki n'kupeza kuti akuweruza munthu, ndipo ulendo wina mukadzaitana zadzidzidzi zenizeni, adzakhala kunyumba. Wapampando muwauze mwaulemu koma mosabisa mawu: ngati pali vuto ndi ndalama, liitanidwire msonkhano wakewake wa masiku 14 athunthu, mlanduwo ulembedwe, mwiniwake aulandire.

Tsono musanagwire cholembera, tsegulani malamulo anu aja muwerenge zinthu zitatu. Ndani ali ndi mphamvu yoitana msonkhano wapadera? Kawirikawiri ndi bodi itakhala pansi n'kugwirizana, kapena mamembala atasainira pempho, osati wapampando payekha pa foni. Ngati ndi bodi, ikumane lero, ndipo maminitsi ake alembedwe, chifukwa kalata yanu idzatsamira pamenepo. Chachiwiri, kodi pali ndime yolola kufupikitsa masiku pakagwa zadzidzidzi? Chachitatu, pamafunika anthu angati kuti msonkhano uyambe? Chiwerengero chimenechi sichitsika chifukwa choti zinthu zavuta. Ngati malamulo amati gawo limodzi mwa magawo atatu, kwa inu ndi anthu 40, ndipo 39 si 40 ngakhale mkaka ukutayika.

Chifukwa chofupikitsira masiku ndi pamene alembi ambiri amalemba zopanda mutu. "Chifukwa nkhaniyi ndi yofunika kwambiri" si chifukwa. Nkhani iliyonse ya pamsonkhano ndi yofunika. Chifukwa chomveka chimakhala ndi masiku amene munthu angawerenge pa kalendala: tsiku limene vuto lagwa, tsiku limene mwayi utha, ndi tsiku limene mukanakumana mukanatsata masiku 14. Chikhalenso chinthu chimene bodi sinadzipangire yokha. Ngati makaniko anakuchenjezani miyezi iwiri yapitayo inu n'kungokhala, yembekezerani kuti wina adzafunsa, ndipo adzakhala akulondola.

Kalata yake

Tiyerekeze kuti ndime yofupikitsa ilipo ndipo imalola masiku atatu. Kalata ikhale chonchi, pa tsamba limodzi:

"Kwa mamembala onse. Bodi, pa msonkhano wake wa Lolemba pa 3 Marichi, yagwirizana kuitana msonkhano wapadera wa mamembala Lachisanu pa 7 Marichi, 9 koloko m'mawa, pamalo athu osonkhetsera mkaka. Msonkhanowu waitanidwa pa masiku atatu m'malo mwa 14, motsatira ndime yakuti ya malamulo athu, chifukwa kompuresa ya thanki inapsa pa 1 Marichi ndipo kuyambira tsikulo sitikutha kuziziritsa mkaka. Mtengo umene wogulitsa watipatsa utha pa 10 Marichi, pomwe masiku 14 akanatifikitsa pa 18 Marichi. Chokambirana ndi chimodzi: kuti mamembala alole bodi kutapa ndalama zosaposa K4,000,000 m'thumba losungira kuti igule ndi kuikitsa kompuresa yatsopano. Palibe nkhani ina imene idzakambidwe kapena kuvoteredwa. Makoteshoni ali kwa mlembi, aliyense angawaone." Pansi pake dzina lanu, udindo, tsiku ndi chidindo.

Taonani mmene masiku awerengedwera. Tsiku lotumiza ndi tsiku la msonkhano ndawasiya kunja, otsala ndi 4, 5 ndi 6. Malamulo ena amawerenga mosiyana, koma mukawerenga chonchi palibe amene angakutsutseni. Taonaninso kuti chigamulo chalembedwa chonse, ndi malire a ndalama komanso kumene zichokere. Mukangolemba kuti "nkhani ya thanki", wina adzaimirira n'kunena kuti tigule thanki yatsopano pa ngongole, ndipo simudzakhala ndi pomuletsera. Ndi mawu athunthuwa, msonkhano ungavomere, ungakane, ungatsitse ndalamayo kufika K3,900,000, koma sungaikweze kapena kuisandutsa ngongole, chifukwa amene anatsala kunyumba anatsala atawerenga K4,000,000 ya m'thumba. Mzere wa "zina ndi zina" usapezekemo, ngakhale kuvomereza maminitsi a msonkhano wapita kudikire.

Kalata yabwino imene sinafike kwa anthu ndi yachabe, ndipo masiku akachepa mpamene kafikitsidwe kamafunika umboni. Gulu la WhatsApp palokha silikwanira, si mlimi aliyense ali ndi foni yotere. Matani kalata pakhomo la malo a mkaka, tumizani uthenga wa pafoni kwa onse a m'kaundula, ndipo atsogoleri a mazoni ayende ndi pepala loti wolandira asainire kapena adinde chala. Samalani kwambiri ndi amene mukudziwa kuti adzatsutsa, alandire oyambirira. Pa tsikulo werengani anthu musanayambe, lembani chiwerengerocho, werengani kalata yonse mokweza, ndipo mavoti alembedwe ndi manambala, ovomera angati, okana angati. Wina akadzutsa ya msungichuma, wapampando ayankhe kuti yamveka ndipo ipita ku msonkhano wina.

Nanga ngati ndime yofupikitsa mulibe? Pamenepo mulibe mphamvu yodula masiku, ndipo simungasinthe malamulo Lachisanu lomwelo kuti muipeze, pakuti kusintha malamulo a kopaletivu kumafuna msonkhano woitanidwa bwino komanso kukalembetsa. Tumizani chidziwitso cha masiku 14 lero lomwe, osati mawa. Pakadali pano bodi igwire ntchito mkati mwa K1,000,000 yake: ilipire galimoto yopititsa mkaka ku thanki ya gulu loyandikana nalo, ndipo ilembere wogulitsa kumupempha kuti asunge mtengo mpaka pa 18. Ndime ya zadzidzidziyo mudzaiike pa ndondomeko ya msonkhano waukulu wa pachaka ukubwerawu.