Kope la agogo ndi ziganizo zosatha

"Agogo anga aakazi alemba mbiri ya moyo wawo m'makope awiri koma chiganizo chimodzi chikumadzaza theka la peji. Ndikonze bwanji kuti owerenga azimvabe kuti akuyankhula ndi iwowo?"

Achemwali imelo yanuyi yandikhudza, chifukwa ine ndinalakwitsapo pa kope la agogo anga aamuna ndipo zimandipwetekabe. Iwowo adapita ku Joni pa Wenela, adabwerako isanagwe ndege ija ku Francistown mu 1974, ndiye atakalamba analemba zonse ndi bolopeni m'kalembedwe kakale kaja, "cifukwa", "cimanga", kopanda h. Ine potayipa ndinachotsa "tsono" aliyense, pomwe analemba kuti adafika kumudzi ali mbuu ndinaika "atatuwa ndi fumbi", ndimvekere zakhala bwino. Nditawawerengera azakhali anakhala chete nthawi yaitali, kenako anangoti bambo anga sankayankhula choncho. Ndinayambiranso peji yoyamba, mwayi m'kopemo ndinali ndisanalembemo chilichonse, ndipo inunso musalembemo ngakhale ndi pensulo, jambulani peji iliyonse pa foni kaye.

Panopa sindivomera zoti chiganizo chachitali ndi vuto. Agogo amalemba momwe amafotokozera nkhani pakhonde, mpweya wawo ndi umene umadula mawu. Vuto lenileni limabwera pomwe owerenga sakudziwanso kuti akunenedwa ndani. Onani ichi cha agogo anga:

"Tsono tidakwera sitima usiku tsono kuzizira kwake anthu inu tsono mnzanga wa ku Dowa uja adayamba kulira kuti abwerere tsono kapitawo adamukalipira tsono adangoti zii mpaka kudacha."

Adangoti zii ndani, mnzawoyo kapena kapitawo? Azakhali ndi amene anandiuza, poti nkhaniyi anaimva kambirimbiri. Chinakhala chonchi:

"Tsono tidakwera sitima usiku, kuzizira kwake anthu inu! Mnzanga wa ku Dowa uja adayamba kulira kuti abwerere, kapitawo adamukalipira. Tsono mnzangayo adangoti zii mpaka kudacha."

Ndawonjezera liwu limodzi lokha, "mnzangayo". Ma "tsono" atsala awiri, pomwe nkhani ikuyamba ndi pomwe ikukhota. "Anthu inu" ndi "zii" sindinakhudze, ndipo "tidakwera" sindinamusinthe kukhala "tinakwera" ngakhale ineyo ndimatero.

Ndiye inuyo werengani mokweza, pomwe mpweya wakutherani ikani mpumiro, pomwe mwangopumira pang'ono ikani mpatuliro. Masipelo konzani, c akhale ch, poti khutu silimva kusiyana. Koma Halale akhale Halale, masheleni akhale masheleni, ndipo akabwereza mawu katatu pa nkhani ya maliro kapena ya njala musachotsepo. Agogo anu ali moyo, zimene ine ndinalibe, choncho kawawerengereni mapeji asanu oyamba musanapitirize, ndipo pomwe angakudulireni kuti "sindinatero ine" mubwezeretse mawu awo.