Kodi sapulasi ndi zotsala kapena phindu?

"Ndimaphunzitsa za chuma ku sekondale. Ndikati sapulasi ya wogula ndi zotsala za wogula, ana amasokonezeka tikafika pa mtengo woikidwa ndi boma. Ndiziti chiyani?"

Aphunzitsi, anawo sakulakwa. Zotsala ndi nsima ya dzulo, mkute. Chimene mukufuna kunena ndi phindu. Ine ndimakhulupirira kuti kupindula ndi mbale wake wa kupinda, monga kutsekula ndi kutseka: chimene chinali chopindika chatambasuka. Otsutsa atsutse. Koma sapulasiyo, chonde, musiyeni pakhomo.

Mayi anga ankamanga ndalama pansonga ya chitenje popita kumsika. Akakonzekera kulipira K1,000 koma n'kugula pa K600, K400 yobwerera pachitenjeyo ndiyo phindu la wogula. Mlimi amene akanalolera K200 koma walandira K600, nayenso wapeza lake.

Jambulani galafu ya chimanga. Mzere wa ogula uyambire pa K1,000 pa kilo n'kumatsika, wa alimi uyambire pa K200 n'kumakwera, akumane pa K600, pa makilo 400. Kachigawo ka ngodya zitatu kapamwamba pa K600 ndi ka ogula: theka la 400 kuchulukitsa ndi 400, K80,000. Kapansi ndi ka alimi, K80,000 yomweyo.

Tsono boma lanena kuti wina asagule pansi pa K800, monga muja Unduna wa Zaulimi umalengezera mitengo yogulira mbewu nyengo yokolola. Ena amautcha mtengo wapansi, zimene zimandinyansa, chifukwa womva amayesa chimanga chatchipa. Nenani mtengo woyambira. Ukaikidwa pansi pa K600 palibe chimene usinthe. Umaluma ukakhala pamwamba.

Pa K800 ogula angofuna makilo 200, ndipo phindu lawo latsika kufika pa K20,000. Mwa K60,000 imene ataya, K40,000 yasamukira m'thumba la alimi, popeza pa makilo 200 aja akulipira K200 yoonjezera pa kilo. Alimi tsopano ali ndi K100,000: alandira K40,000 ija, koma ataya K20,000 pa malonda amene afa. Phatikizani mupeza K120,000, pomwe kale inali K160,000. K40,000 inayo palibe waitola. Chenjezo: K100,000 ija ikudalira kuti ogulitsawo ndi alimi olima motsika mtengo, ogulitsawo akakhala olima mokwera mtengo, imacheperapo.

Apa mpamene zotsala zenizeni zikutulukira. Mtengo wokomawo wakopa alimi kubweretsa makilo 600, ogula atenga 200, ndipo 400 ali m'matumba kudikira anankafumbwe. ADMARC ikapanda kugula, mlimi amakapereka kwa venda mwakachetechete pamtengo wotsika. Ndiye pabolodi lembani mawu awiri: phindu pa zigawo za m'galafu, zotsala pa matumbawo.