Lembani zimene bwana wanu wakale angazivomereze

"Ndagwira ntchito yowerengera ndalama kwa zaka 6 pa kampani ina yogulitsa katundu wa m'masitolo, ndipo ndikufuna kulemba mawu odzifotokoza pa LinkedIn. Ndikalemba zabwino za ine ndikumaona ngati ndikudzichemerera, koma ndikachepetsa zikumveka ngati za munthu wina aliyense. Ndilembe bwanji?"

Mayi, chimene chimachititsa mawu kumveka a matama si kukula kwa zimene mwanena, koma kuti mwadzipatsa nokha malikisi. Mukalemba kuti ndinu wolimbikira ntchito, wokhulupirika ndiponso wodziwa kugwira ntchito ndi anzanu, mwapereka chigamulo chimene amayenera kupereka ndi wowerenga, ndipo mwachipereka popanda umboni. Pamwamba pa apo, mawuwa sakusiyanitsani ndi aliyense, chifukwa palibe wofuna ntchito amene angalembe kuti ndi waulesi kapena wakuba. Chiganizo chilichonse chimene mwalemba chiyeseni motero: ngati palibe munthu wanzeru amene angadzinenere zotsutsana nacho, chichotseni. Chiganizo chotsala chikhale chimene bwana wanu wakale, atafunsidwa pa foni, angayankhe kuti inde, zimenezo anachitadi.

Malo olemberawo ali ndi malire ake. Gawo la About pa LinkedIn limalola zilembo 2,600, koma munthu wotsegula tsamba lanu amangoona mizere yochepa yoyambirira, ndipo kuti awerenge zotsalazo ayenera kudina kaye kuti zitambasuke. Choncho ziganizo ziwiri zoyamba zisathere pa moni kapena pa mbiri ya sukulu, koma zinene ntchito imene mumagwira, mtundu wa kampani imene mumaigwirira ndi kukula kwa udindo wanu. Simukukakamizidwa kudzaza malo onsewo. Ndime zitatu zazifupi ndi zokwanira kwa munthu wa zaka 6 pa ntchito.

Tiyeni tiyerekeze ndi ntchito yanu yomweyo. Manambala amene ndigwiritse ntchito ndi ongopeka kuti chitsanzo chioneke bwino, ndipo inu mudzaikapo anu enieni. Ambiri amayamba chonchi:

"Ndine katswiri wowerengera ndalama, wolimbikira ndi wachangu, wokonda ntchito yake, wotha kugwira ntchito ngakhale pa nthawi yothinana, ndipo ndimafuna kuthandiza kampani kufika patali."

Wolemba anthu ntchito akawerenga zimenezi sadziwa ngati munagwirapo malipiro a antchito, ngati mumadziwa za msonkho, kapena ngati ntchito yanu inali yongolemba malisiti. Kuti mupeze zoika m'malo mwake, tengani liwu lililonse lodziyamikiralo ndi kudzifunsa kuti linaonekera pati. Ngati mukuti ndinu wachangu, kodi mabuku a mwezi mumatseka pa tsiku lachingati la mwezi wotsatira, nanga pamene munkafika ankatsekedwa liti? Ngati mukuti mumatha ntchito pa nthawi yothinana, kodi msonkho wa PAYE, umene umayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, unachedwapo uli m'manja mwanu? Ngati mukuti ndinu wosamala, kodi maodita atabwera anapeza chiyani m'mabuku amene munasunga? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo mawu anu odzifotokoza, ndipo akhoza kutuluka motere:

"Ndimasunga mabuku a ndalama a kampani yogulitsa katundu wa m'masitolo yomwe ili ndi nthambi zitatu ndi antchito 45. Mwezi uliwonse ndimayanjanitsa mabuku ndi masitetimenti a kubanki, kukonza malipiro, komanso kutumiza PAYE ndi VAT kudzera pa Msonkho Online. Nditafika, kutseka mabuku a mwezi kunkatenga masiku 15. Nditakonza zoti nthambi zizitumiza malisiti sabata iliyonse m'malo modikira kutha kwa mwezi, tsopano kumatenga masiku 7. Kwa zaka 4 zapitazi kampani sinalipitsidwepo chindapusa cha kuchedwetsa msonkho."

Onani kuti mulibe liwu loti katswiri, koma wowerenga afika yekha pa ganizo limenelo. Chimene chapatsa ndimeyi mphamvu si nambala 7 yokha ayi, koma kuti mwanena mmene zinalili kale ndi chimene munasintha. Nambala yopanda chiyambi chake imakayikitsa. Munthu akalemba kuti anachepetsa ngongole za makasitomala ndi theka, osanena kuti pa nthawi yaitali bwanji kapena mwa njira yanji, wodziwa ntchitoyo amaganiza kuti mwina kasitomala mmodzi wamkulu anangolipira yekha.

Pamene ambiri a ife timapunthwa ndi pa kusankha pakati pa "ndinachita" ndi "tinachita". Tinaleredwa kuti munthu sadziyamikira pagulu, motero dzanja limathamangira kulemba kuti tinakonza, tinasintha, kapena kuti ndinathandizako pang'ono, ngakhale pa ntchito imene munthu anaiganiza ndi kuigwira yekha. Ulemu umenewo uli ndi malo ake, koma pano ukubisa chinthu chokhacho chimene wowerenga wabwerera, ndipo paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Njira yake si kulanda ntchito za anzanu, koma kusankha mneni wolingana ndendende ndi gawo lanu. Ngati munatsogolera, lembani kuti munatsogolera. Ngati kampani inasamutsa mabuku kuchoka pa Excel kupita pa pulogalamu yosungira mabuku a ndalama ya Sage ndipo inu munali mmodzi mwa anthu anayi, lembani kuti munali m'gulu la anthu anayi limene linagwira ntchitoyo, ndipo gawo lanu linali kutsuka ndi kulowetsa maakaunti a ogulitsa katundu. Chiganizo choterechi chimaonetsa kuti mumagwira bwino ntchito ndi anzanu kuposa kungonena kuti mumatero, ndipo sichidzakuchititsani manyazi mnzanu wa muofesi akachiwerenga, pakuti pa LinkedIn anzanuwo amawerengadi.

Pa ntchito ya ndalama pali malire ena amene muyenera kuwasamala. Phindu la kampani, malipiro a anthu, mayina a makasitomala amene ali ndi ngongole, zonsezi ndi zinsinsi za abwana anu, ndipo wowerengera ndalama amene waziika poyera wadziwonongera yekha mbiri, ngakhale manambalawo atakhala osiririka. Gwiritsani ntchito manambala osaulula chuma: kuchuluka kwa nthambi, kwa antchito, kwa mainvoisi a pa mwezi, kapena masiku amene ntchito imatenga. Chimodzimodzinso maphunziro. Ngati muli ndi dipuloma ya ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'Malawi, ndipo mukupitiriza mayeso, nenani gawo limene mwafika, osadzitchula ndi dzina la amene anamaliza, chifukwa zimenezi zimafufuzika mosavuta.

Popeza ambiri amalemba tsambali m'Chingerezi, mayina a ntchito ndi a mapulogalamu muwalembe monga mmene amalembedwera m'zotsatsa ntchito, chifukwa ofuna antchito amasaka ndi mawu omwewo. Tengani zotsatsa zitatu kapena zinayi za udindo umene mukuufuna, muone mawu amene akubwerezedwa, ndipo mutengepo okhawo amene munawagwiradi. Lembani monga mukulankhula nokha, osati ngati pali wina amene akukuonetsani kwa alendo, chifukwa aliyense amadziwa kuti tsambalo mwalemba ndinu.

Ndime yomaliza inene kumene mukulowera m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri, mwachitsanzo kuti mukufuna udindo woyang'anira maakaunti onse pa kampani ya malonda kapena yopanga katundu ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Musalembe kuti mukufuna ntchito ina iliyonse, pakuti zimenezo zimafafaniza zonse zimene mwamanga pamwambapo. Ngati mudakali pa ntchito ndipo abwana sakudziwa kuti mukuyang'ana kwina, ingonenani mbali ya ntchito imene mukufuna kukuliramo, monga za misonkho, ndipo chizindikiro cha Open to Work, chosonyeza kuti mukufuna ntchito, muchiike kuti chizioneka kwa olemba anthu ntchito okha.