Mapapo awiri, okosijeni ochepa

"Dokotala akuti chibayo chagwira mbali imodzi yokha ya mapapo a bambo anga. Nanga okosijeni watsikiranji kufika 86, pamene mbali inayo ili bwino?"

Achimwene, vuto ndi loti magazi sasiya kudutsa m'mbali yodwalayo. Timatumba ta mpweya tadzaza mafinya, choncho magazi amalowamo ndi okosijeni wa 75 pa 100 n'kutulukamo ali chimodzimodzi, osatola kanthu. Akafika kumtima amasakanikirana ndi ochokera mbali yabwino, omwe ali pa 97. Theka ndi theka, mwapeza 86 ija.

Mwina muganiza kuti mbali yabwinoyo ingangolimbikira n'kukwaniritsa. Ayi ndithu. Himogulobini, yemwe amanyamula okosijeni m'magazi odutsa kumeneko, wadzaza kale, ngati chikho chosefukira. Bambowo angapume mwawefuwefu bwanji, malo owonjezera palibe. N'chifukwa chake okosijeni wa m'mphuno nthawi zina amangokweza nambalayo pang'ono, poti safika m'timatumba totsekekato.

Thupi limayesako, pofinya mitsempha ya kumalo kopanda mpweya kuti magazi apatuke, koma chibayo chimafooketsa nzeru imeneyi. Anamwino akawagoneka cham'mbali, mbali yabwino ili pansi, musadabwe: magazi ambiri amatsikira komwe kuli mpweya.