Mawu a pansi pa zithunzi za mipando: ndilembe chiyani?

Funso: "Mlongo wanga ndi kalipentala, wandipatsa zithunzi 40 za katalogi yake, zambiri zojambulidwa pafupi kwambiri: pamwamba pa tebulo, pangodya ya dirowa, msoko wa sofa. Akuti ndilembe mawu pansi pa chilichonse. Ndalemba 'thabwa lokongola, ntchito yolimba' kakhumi konse ndipo mawu andithera. Amene mumadziwa, thandizeni."

Achemwali, ntchito imeneyi ndaigwira zaka zingapo, ndipo ndinganene kuti mawu akuti "lokongola" ndi "yolimba" muwasiyire wogula, anene yekha. Inu lembani zimene diso likuona pachithunzipo ndi zimene mlongo wanu angatsimikize ndi tepi. Chithunzi chojambulidwa pafupi chimasokoneza chifukwa munthu sadziwa kuti akuona mbali iti ya mpando, ndiponso kukula kwake. Choncho mawu oyamba anene malo, achiwiri mtengo kapena nsalu, kenako chimene chikuoneka.

Tiyambe ndi chithunzi cha ngodya ya dirowa, poti ndi pamene pali zambiri. Tinene kuti kutsogolo kwa dirowayo ndi mlombwa wochindikala mamilimita 20, mbali zake ndi paini wa mamilimita 12. Mukayang'ana chakumbali muona mano a paini oyera, otambalala kumapeto ngati chipsepse cha nkhunda, atalowa mu mlombwa wofiirira. Joyini imeneyo ndi davutelo. Werengani manowo, mulembe nambala yake. Kenako onani ngati atulukira kutsogolo kwa dirowa. Ngati sakuoneka dirowa ikatsekedwa, ndiye kuti mmisiri anasiya kathabwa kopyapyala kowabisa, ndipo zimenezo n'zoyenera kunena. Ine ndingalembe chonchi: "Ngodya ya dirowa, kuionera kumbali. Mano anayi a davutelo a paini alowa m'thabwa la mlombwa la mamilimita 20, ndipo saoneka kutsogolo. Mukamakoka dirowa, manowa amakanirira m'malo mwake chifukwa ndi otambalala kumapeto." Onani kuti sindinanene kuti ndi yolimba, koma wowerenga wamva chifukwa chake thabwa lakutsogolo silingazuke.

Musafulumire kulemba kuti "yodulidwa ndi manja" musanafunse. Davutelo ya makina nthawi zambiri imakhala ndi mano ofanana ndendende ndi mipata yake. Ya manja imakonda kukhala ndi mano aakulu, pakati pake tizidutswa topyapyala, ndipo nthawi zina kamzere ka geji, kachida kolembera mzere pathabwa, kamatsala m'munsi mwa mano. Zimenezi ndi zizindikiro chabe, yankho lenileni lili ndi amene anapanga.

Ndikunena izi chifukwa ineyo zinandionekera. Pachithunzi cha mwendo wa mpando panali kadontho kozungulira ka mtengo wakuda, ine n'kulemba kuti ndi chikhomo chomanga tenoni mu motisi, ndiye kuti lilime la thabwa lolowa m'bowo la linzake. Wogula wina wodziwa matabwa atautembenuza mpandowo anapeza kuti kadonthoko kankangotseka mutu wa sikuluu. Mpando unali wabwinobwino, koma katalogi inanama, ndipo manyazi anagwera mmisiri amene sanalembe mawuwo. Kuyambira pamenepo ndimayang'ana kadontho kotere mosamala. Kakakhala ndi mizere yoyenda ngati ya thabwa lonselo, ndi chotsekera. Kakakhala ndi timadontho ngati pomwe mtengo wadulidwa chopingasa, kangakhale chikhomo, koma ndimapemphabe chithunzi cha kuseri kuti ndione ngati chatulukira mbali inayo.

Tsopano za mizere ya thabwa. Mtengo umakula mizeremizere yozungulira, ndipo maonekedwe a thabwa amadalira mmene sowo inadutsira mizereyo. Ikadutsa chakumbali, kutali ndi pakati pa chipika, pathabwa pamaoneka ngati mapiri osanjikizana kapena malawi a moto. Ikadutsa molunjika pakati, mizere imakhala yowongoka ndi yoyandikana. Ndiye funso loyamba pa chithunzi cha tebulo ndi lakuti mizereyo ndi yowongoka, yopindika, kapena ya mapiri, ndipo ikuyenda m'litali kapena m'lifupi. Lachiwiri ndi mtundu, koma munene mitundu iwiri, wapansi ndi wa mizere: "wofiirira mowala, mizere yake yoderapo". Mlombwa uli ndi mtima wofiirira ndi mbali yakunja yoyererako, ndipo malire ake amaonekera bwino lomwe. Ngati kamzere koyerako kali pachithunzi, kanenedwe, apo ayi wogula adzaganiza kuti vanishi sanafike pamenepo. Mbawa yochekedwa molunjika pakati imatulutsa timikwingwirima tosinthana, kowala ndi kodera, ndipo timasintha munthu akasuntha mutu. Chithunzi sichingaonetse kusinthako, choncho apa mawu anu ndi amene agwire ntchito. Paini ndi wa mfundo. Nenani ngati mfundoyo ndi yogwirana ndi thabwa, musaibise.

Chinanso chofunsa: mtundu umene mukuonawo ndi wa mtengo weniweniwo kapena wopaka? Paini wothiridwa mtundu wofiira si mbawa. Lembani "paini wopakidwa mtundu wofiirira". N'chimodzimodzi ndi viniya, kachikopa kopyapyala ka mtengo komata pamwamba pa bolodi. Mumaizindikira poyang'ana kumapeto kwa tebulo: pa thabwa lenileni mizere yapamwamba imatsika n'kuoneka ngati mauta kumphepete, pamene pa viniya kumphepeteko kumakhala kachidutswa kena kosagwirizana ndi pamwamba. Mapiri awiri oyang'anizana ngati munthu ndi kalilole nawonso kawirikawiri amakhala a viniya. Viniya si chinthu chochititsa manyazi, bola inenedwe.

Za sofa sindichulukitsa. Nenani nsalu, kalukidwe kake ngati kakuoneka, ndi msoko: umodzi kapena iwiri yoyendera limodzi, ulusi wofanana ndi nsalu kapena wosiyana, kachingwe kokutidwa ndi nsalu m'mphepete mwa khushoni, mabatani okokedwa mkati. Chenjerani ndi veleveti. Ubweya wake umagonera mbali imodzi, ndiye pachithunzi mkono wa sofa ungaoneke wakuda kuposa pokhalira pamene nsalu ndi imodzimodzi. Chiganizo chimodzi chikukwanira: "Veleveti wobiriwira, amaoneka woderapo kapena wowala malinga ndi kumene ubweya wagonera." Za siponji ndi masipuling'i musazilembe pansi pa chithunzi cha msoko, chifukwa sizikuoneka. Zimenezo zipite pa tsamba la miyezo ya sofayo.

Ngati katalogiyo ili pa intaneti, chithunzi chilichonse chimafunanso mawu ena achidule amene pulogalamu imawerengera anthu osaona, omwenso amatuluka chithunzi chikakanika kutseguka. Amalembedwa mu `alt`:

```
<img src="dirowa.jpg" alt="Mano anayi a davutelo a paini woyera olowa m'thabwa lofiirira la mlombwa pangodya ya dirowa">
```

M'menemo muike maonekedwe okha, chiganizo chimodzi, osayamba ndi "chithunzi cha", chifukwa pulogalamuyo imanena yokha kuti ndi chithunzi. Miyezo ndi chifukwa cha joyiniyo zikhale m'mawu apansi aja.

Musanalembe zithunzi 40 zonsezo, khalani pansi ndi alongo anu madzulo amodzi, zithunzi zili pafoni, muziwafunsa chimodzichimodzi: mtengo wanji, joyini yanji, mwapaka chiyani, kuchindikala kwake bwanji. Lembani mmene akuyankhiramo. Ndipo dzina limene mwasankha lisasinthe. Mukati davutelo pa tsamba 3, pa tsamba 9 ikhalenso davutelo, kuti wogula asaganize kuti ndi majoyini awiri osiyana.