Shuga wabulauni ndi woyera: musinthe muyezo wa supuni, mtundu usakuvutitseni

"Abale ndithandizeni. Bambo a kunyumba kwanga kuchipatala awauza kuti shuga wawo wayamba kukwera, ayeneranso kuchepetsa thupi. Anzanga akuti tisiye shuga woyera tizigula wabulauni, ati ndi wachilengedwe ndipo sanenepetsa. Kodi ashuga awiriwa ndi osiyanadi?"

Amayi, pepani ndi nkhani ya bambowo, koma mwachita bwino kufunsa musanapite ku golosale. Kusiyana kulipo ndithu, kungoti n'kochepa kwambiri moti thupi la bambowo silingakuzindikire. Mukangosintha mtundu n'kusiya masupuni ali omwe aja, palibe chimene mwachita.

Ashuga onse awiriwa amachokera ku nzimbe imodzimodzi, ngati ija imalimidwa ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Kufakitale amafinya nzimbe, madzi ake n'kuwasefa, kenako amawawiritsa mpaka akhuthale ndi kuyamba kupanga timibulu. Timibuluto timakhala titasakanikirana ndi madzi akuda, onanda, otchedwa molasesi. Amazithira m'makina ozungulira mothamanga kwambiri, molasesi n'kutayikira kumbali, timibulu n'kutsala. Koma molasesi sachoka yense, pamatsala kachikuto kopyapyala pa kambulu kalikonse, ndipo kachikutoko ndi kamene kamapereka mtundu wabulauni ndi kafungo kaja. Kuti akhale woyera, amamusungunulanso shugayo, kumusefa mpaka mtundu uchoke, n'kumuumitsanso. Kambulu ka shuga pakokha n'koyera kale, sachita kukapaka chilichonse. M'mayiko ena amachita kubwerera m'mbuyo: amatenga shuga woyera n'kumuthiranso molasesi, kuti apeze shuga wabulauni wonyowa, womata, amene ophika makeke amamukonda.

Chimene chimatsekemera m'shuga chimatchedwa sukulosi. Mu shuga woyera pafupifupi zonse ndi sukulosi, kupitirira magalamu 99 pa magalamu 100 alionse. Mu wabulauni wonyowa uja molasesi amatenga magalamu apakati pa 3 ndi 7, ndipo molasesiyonso mbali yaikulu ndi shuga yemweyo ndi madzi. Wabulauni wathu wa m'mapaketi, wouma, woyoyoka bwino pa supuni, ali ndi molasesi wochepa kuposa pamenepa. N'chifukwa chake pa mphamvu, zija amati makalori, magalamu 100 a woyera amapereka 387 pamene a wabulauni amapereka cha m'ma 380.

Tiyeni tiwerengere tiyi wa bambowo. Supuni yaing'ono yosadzaza mpaka kutumphuka imanyamula magalamu 4, omwe ndi makalori 16. Tinene kuti amamwa makapu atatu pa tsiku, kapu iliyonse masupuni atatu, ndiye m'mawa supuni imodzi m'phala. Amenewo ndi masupuni 10, magalamu 40. Akakhala woyera ndi makalori 155, akakhala wabulauni ndi 152. Mwapulumutsa makalori atatu okha pa tsiku lonse. Tsopano musasinthe mtundu, mungochotsa supuni imodzi pa kapu iliyonse: mwachotsa magalamu 12, makalori pafupifupi 46. Supuni imodzi yokha yochotsedwa ikuposa kutali phindu lonse la kusintha paketi.

Ndipo apa ndi pamene pamandidetsa nkhawa. Munthu akakhulupirira kuti wabulauni ndi wabwino, dzanja limamasuka. Supuni imachoka m'chitini itatumphuka ngati chulu, ndipo supuni yotero ikhoza kunyamula kawiri muyezo uja. Ena amati wabulauni sakoma msanga m'tiyi, n'kuwonjezera ina yachinayi. Mapeto ake munthu amene amati akudziteteza akumwa shuga wambiri kuposa kale.

Anzanu aja mwina akuuzaninso kuti wabulauni ali ndi michere. Sakunama kwenikweni: molasesi ali ndi kashiamu, potaziyamu ndi ayironi. Koma taonani kuchuluka kwake. Mu magalamu 100 a wabulauni wonyowa muli kashiamu wokwana mamiligalamu cha m'ma 80, pamene munthu wamkulu amafunika pafupifupi 1,000 pa tsiku. Ayironi samakwana ndi miligalamu imodzi yomwe. Kuti mupeze kashiamu wa tsiku limodzi kuchokera m'shuga, muyenera kumaliza paketi ya kilogalamu n'kutsegulanso ina. Zimenezi muzifune mu usipa wodya ndi minga yomwe, nyemba, bonongwe ndi chisoso. Chinthu china chothandiza chimene chili mu shuga wogulitsidwa m'Malawi muno ndi vitamini A, koma ameneyu amachita kuthiramo kufakitale potsatira lamulo, sachokera ku mtundu wa shuga. Onani pa paketi, amalembapo.

Pa nkhani ya shuga wa m'magazi, sukulosi akafika m'matumbo amagawika pawiri, gulukosi ndi fulakitosi, ndipo gulukosiyo amalowa m'magazi mofulumira. Matumbo sasankha kuti sukulosi uyu anali ndi kachikuto ka molasesi kapena ayi. Ngati kunyumba muli ndi kamakina koyezera shuga pa chala, mukhoza kudzionera nokha: tsiku lina tiyi wa woyera, tsiku lina wa wabulauni, masupuni ofanana, chakudya chofanana, n'kuyeza patapita nthawi yofanana. Manambala sadzasiyana mokuuzani kuti wina ndi mankhwala. Uchi ndi madzi a nzimbe nazonso zimakweza shuga, musapusitsidwe ndi mawu akuti zachilengedwe.

Malangizo anga ndi awa. Gulani amene ali wotchipa kapena amene banja limamukonda, koma yambani kuyeza. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO m'chaka cha 2015 linalangiza kuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amadya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu ndi magalamu 50, masupuni 12, ndipo likuti ndi bwino kwambiri kutsika mpaka theka lake, masupuni 6. Muyezowu ukuwerengera zonse, wa m'tiyi, wa m'thobwa, wa m'mandasi ndi wa m'zakumwa za m'mabotolo, ndipo ndi wa munthu wabwinobwino. Kwa bambo amene shuga wayamba kale kukwera, a kuchipatala akhoza kuwauza kuti atsike kuposa apa kapena asiyiretu, ndipo mawu awo ndi amene mutsatire.

Njira yosavuta yodziwira pamene muli ndi kuwerenga paketi. Lembani tsiku limene mwatsegula ya kilogalamu imodzi. Ngati muli anthu anayi ndipo yatha m'masiku asanu, ndiye kuti aliyense akudya magalamu 50 pa tsiku, musanawerengere zogula kunja. Cholinga chikhale choti paketi yomweyo ifike masiku khumi. Chotsani theka la supuni pa kapu sabata ino, theka lina sabata yamawa, lilime limazolowera. Ndi bwino banja lonse litsike limodzi, chifukwa bambo kumwa tiyi wosakoma ali kuyang'ana ena akutapa, sapirira nthawi yaitali.

Chenjezo limodzi lofunika: ngati adzayamba kubaya insulini kapena kumwa mapiritsi ena otsitsa shuga, musadzachotseretu shuga m'nyumba. Shuga wa m'magazi akhoza kutsika kwambiri, munthu n'kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kumva njala yoopsa kapena kusokonezeka mutu. Pamenepo masupuni atatu kapena anayi osungunula m'madzi amathandiza msanga ngati munthuyo akutha kumeza, woyera kapena wabulauni chimodzimodzi. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala.