Mukaphimba nkhani ya wodwalayo, funso lanu likuyankhikabe?

"Ndangoyamba kumene kuphunzitsa anamwino. Andiuza kuti mafunso a mayeso azikhala ndi kankhani ka wodwala koyambirira, ndikulemba ndithu, koma ana akungokhoza onse ngati akumwa madzi pomwe ku wodi akumasowa pogwira. Ndikulakwitsa pati?"

Achemwali, imelo yanuyi ndaiwerenga kawiri ndipo yandipweteka penapake, chifukwa chaka changa choyamba ndinalemba funso lomwe mpaka lero ndimachita nalo manyazi. Ndinayamba bwinobwino, bambo wa zaka 55, dalaivala, ali ndi ana anayi, wagonekedwa atachitidwa opaleshoni ya m'mimba, mizere isanu yathunthu, kenako pansi pake nkufunsa kuti "Tchulani chizindikiro chimodzi cha shoko." M'kalasi ya ana 40 anakhoza 39, ine kumwemwetera kuti ndimatha kuphunzitsa eti. Patapita masabata angapo ndikuyendera ana ku wodi ndinapeza mmodzi mwa okhoza bwino aja atalemba pa tchati kugunda kwa mtima 116, mwaukhondo, manambala ooneka bwino, watseka fayilo wapita kukayala bedi lina. Nditamufunsa kuti m'mawa kunali bwanji anati 80. Ndiye? Iye duu kundiyang'ana. Wodwala wa tchaticho anathandizidwa msanga, zinatha bwino, koma ine usiku umenewo tulo sindinatione, osati chifukwa cha mwanayo ayi, mwana uja anachita zomwe mayeso anga anamuphunzitsa, kuloweza ndi kulemba.

Mphunzitsi wina wachikulire ndi amene ananditsegula maso. Anatenga pepala langa lija, nkuika chikhatho pa nkhani yonse ya dalaivala uja nkusiya mzere wa funso wokha, akuti yankha. Ndinayankha. Akuti ndiye bamboyu wabwera kudzatani papepalapa? Mpaka pano funso lililonse ndimaliyesa choncho, ndipo ndinene mosapsatira, funso lomwe likuyankhika nkhani itaphimbidwa ndi la kuloweza basi, mwangoliveka yunifolomu. Ndipo mafunso ambiri omwe timapatsirana aphunzitsife chaka ndi chaka ndi otero, ena mpaka ana anayi a wodwalayo amawatchula maina, kaya kuti zithandize chani.

Funso lija nditalikonza linakhala chonchi.

Mayi wa zaka 42, wolemera makilogalamu 60, anachotsedwa chiberekero maola 4 apitawo. Pobwera ku wodi mtima umagunda ka 84 pa mphindi, bipi inali 124/78. Pano mtima ukugunda ka 118, bipi 100/64, akupuma ka 24 pa mphindi. M'maola awiri apitawa mkodzo m'thumba ndi mamililita 30. Akungotembenuka, akuti ali ndi ludzu ndipo m'mimba mukupweteka, manja azizira. Bandeji ndi youma. Namwino achite chiyani choyamba?

A. Apereke mankhwala opha ululu omwe analembedwa
B. Aone ngati kachubu ka mkodzo katsekeka
C. Aitane adokotala nthawi yomweyo
D. Ayezenso zonse pakatha mphindi 30

Taonani kuti mawu oti shoko kapena kutaya magazi sakupezeka paliponse. Mukangowalemba mwamuganizira kale mwanayo, ntchito yatha. Iye aone yekha kuti mtima wakwera bipi ikutsika, ndiye chifukwa chake ndimaika manambala a nthawi ziwiri, poti 100/64 payokha siyoopsa kwenikweni, alipo anthu amayenda nayo tsiku ndi tsiku, koma kuchoka pa 124/78 mtima uli pa 118 ndi nkhani ina. Kulemera kwa mayiyo sindinaikire kukongoletsa. Munthu wamkulu timayembekeza mkodzo osachepera theka la mililita pa kilogalamu pa ola, ndiye wa makilogalamu 60 ndi mamililita 30 pa ola, 60 pa maola awiri, apa tangopeza theka lake. Mwana amene sawerengera aona 30 nkumati zili bwino chifukwa nambala imeneyo anailoweza, osaona kuti ndi ya maola awiri. Bandeji youmayo ndiye msampha weniweni, magazi akhoza kumatayikira mkati kunja kuli gwa, ndipo ku wodi anthu amapusitsidwa ndi zomwezi.

Pomwe ambiri timagwa mpa mayankho olakwika. Kale ndinkaika zinthu zoti olo mlonda wa pageti angazikane, monga "amutulutse m'chipatala", ndiye mwana amangochotsa zopusazo nkutsala ndi yankho osaganiza nkomwe. Apa A, B ndi D zonse ndi ntchito zenizeni za namwino ndipo iliyonse ili ndi pokolowekera m'nkhanimo. Ululu ulipodi ndipo umakweza kugunda kwa mtima, koma ululu nthawi zambiri umakweza bipi, sumaitsitsa. Kachubu kotsekeka kangafotokoze mkodzo wochepa koma osati manja ozizira ndi ludzu. Kuyezanso ndi khalidwe labwino kwa wodwala amene ali bwinobwino, kwa uyu mphindi 30 nzambiri. Ndiye mwana akasankha A ndimadziwa kuti anagwira chizindikiro chimodzi nkusiya zinazo, akasankha D waona koma sanamve changu chake, ndipo sabata yotsatira ndimadziwa chobwereza m'kalasi.

Komano ndikuchenjezeni, ana ndi ochenjera. Chaka china ndinazindikira kuti m'mapepala anga "aitane adokotala" limakhala lolondola paliponse pomwe lapezeka, ana anatulukira kalekale nkumauzana. Ndiye muzikhala ndi mafunso ena omwe kuitana adokotala sikoyamba, monga wodwala shuga amene wabayidwa insulini osadya, akutuluka thukuta, akunjenjemera, shuga wake ali pa 3.1 koma ali maso ndipo akutha kumeza. Ameneyo mpatseni kaye cha shuga pakamwa, pafupifupi magalamu 15, muyezenso pakatha mphindi 15, foni ibwera pambuyo. Ndipo yankho lolondola lisamatalike kuposa anzake, ife aphunzitsi timakonda kulinenepetsa ndi "uku akuonetsetsa kuti..." chifukwa choopa kutsutsidwa, ana amangoyeza ndi maso.

Nanga mudziwa bwanji kuti lagwira?

Musanalipereke mpatseni namwino mnzanu wa ku wodi, muphimbe mayankho anayi aja, ayankhe ndi pakamwa. Akanena chomwe inu mwaika ngati cholondola ndiye kuti funso lamveka. Anamwino awiri odziwa ntchito akakangana pakati pa mayankho awiri, vuto ndi la nkhaniyo, pali chomwe simunaikemo, onjezani nambala kapena chizindikiro chimodzi chothetsa mkanganowo. Mukachonga, sanjani ana potengera malikisi a pepala lonse, mutenge 27 pa 100 apamwamba ndi 27 pa 100 apansi, m'kalasi ya 40 ndi ana 11 uku 11 uku, muone gulu lililonse akhoza angati funsolo. Apamwamba 9 apansi 4, lisungeni. Akafanana ndiye kuti silikusiyanitsa aliyense, ndipo apansi akaposa apamwamba yambani mwakayikira yankho lanu lomwe, zinandichitikirapo, ndinali nditachonga B m'malo mwa C. Yankho lolakwika lomwe palibe mwana olo mmodzi walisankha lichotseni, mufunse ana pakamwa funso lomwelo opanda mayankho, zolakwika zomwe anene ndi zimene muike m'malomo.

Ndiye tengani funso limodzi mwa omwe akhoza onse aja usiku uno, muike chikhatho pa nkhaniyo, mundilembere zomwe mupeze.